Shati yoyera ikundidetsa nkhope pa kamera: ndivale chiyani pa intaviyu ya pa intaneti?

Funso: "Lachinayi likubwerali, 10 koloko m'mawa, ndili ndi intaviyu ya ntchito yowerengera ndalama, ndipo ichitikira pa Zoom. Ndili ndi shati yoyera, ina ya timizere ting'onoting'ono ta buluu, komanso jekete lakuda. Dzulo ndinavala yoyerayo n'kuyatsa kamera ya laputopu, koma nkhope yanga inangoda bii. Windo lili kumbuyo kwa mpando wanga. Ndivale chiyani? Nanga kumunsiku, poti sadzakuona, pali vuto nditavala kabudula?"

Yankho:

Mwachita bwino kuyesa kamerayo masiku akadalipo, chifukwa vuto mwalionali limatheka kukonza, ndipo mwina simugula kanthu. Ndagwira kamera zaka zambiri, ndakhalaponso kumbali ya ofunsa mafunso, choncho ndinena poyambirira penipeni kuti nkhope yanu ilibe mlandu, ndiponso laputopuyo sinawonongeke. Chadetsa nkhope ndi shati yoyerayo pamodzi ndi windo lili kumbuyolo.

Tengani pepala loyera, lomwe lija timalembapo, mukhale patsogolo pa kamera mutavala chovala chakuda kapena cha buluu. Muziyang'ana nkhope yanu pa sikirini, kenako kwezani pepalalo mpaka lifike pachifuwa. Pakangopita sekondi imodzi kapena ziwiri muona nkhope ikulowa mdima. Tsitsani pepalalo, nkhope ibwerera. Chomwe chikuchitika n'chakuti kamera imadzisankhira yokha kuchuluka kwa kuwala komwe ilowetse. Imayang'ana chithunzi chonse, n'kuyesetsa kuti zonse zikaphatikizidwa zikhale pakatikati, osawala kwambiri, osada kwambiri. Ojambula zithunzi amati pakatikati pamenepa ndi mtundu wa phulusa umene umabweza pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse a kuwala kougwera. Ndiye ikaona chinthu chachikulu choyera mbee, kamera imaganiza kuti m'chipindamo mwawala kwambiri, ndipo imachepetsa kuwala pachithunzi chonse. Shati imaoneka bwino, koma nkhope ndi imene imalipira.

Diso la munthu silivutika chonchi. Munthu amene mwakhala naye m'chipinda chimodzi amaona shati yoyera ndi nkhope yanu bwinobwino nthawi imodzi, chifukwa diso limatha kunyamula zowala ndi zakuda pamodzi. Kakamera ka pa laputopu sikafika pamenepo. Kakasunga zowala kamataya zakuda, kakasunga zakuda zowalazo zimapsa n'kukhala chigamba choyera chopanda kolala kapena mabatani. Ife akhungu lakuda ndi amene izi zimatipweteka kwambiri, chifukwa mtunda wochoka pa nsalu yoyera kufika pakhungu lathu ndi wautali kuposa wa munthu wakhungu loyera. Makamera ena atsopano, makamaka a mafoni, amafufuza nkhope n'kuiika patsogolo poyeza kuwala, ndipo vutoli limachepako. Koma a malaputopu ambiri ndi ofooka, ndipo wanuyo waonetsa kale mbali imene ali.

Pa intaviyu ya pa intaneti, nkhope ndiyo yonse imene ofunsa ali nayo. Sakuonani mukulowa pakhomo, sakugwirani chanza, saona nsapato. Akufuna aone maso anu pamene mukuganizira funso, aone pakamwa pamene mawu adukaduka chifukwa cha netiweki. Choncho chovala chilichonse chimene mungasankhe muzichifunsa funso limodzi: kodi chikuthandiza kuti nkhope yanga ioneke, kapena chikuilanda kuwala?

Tisanafike pa zovala, chotsani kaye windo kumbuyoko. Ngakhale mutavala shati yabwino bwanji, windo lowala kumbuyo limachita zomwe pepala lija linachita, koma mowirikiza. Tembenuzani tebulo kuti windo likhale kutsogolo kwanu, kuseri kwa laputopu, kapena chapambali pang'ono. Dzuwa likamalowa mwachindunji n'kukuwombani kumaso, kokani katani yopyapyala yoyera kuti kuwalako kufewe. Ngati tebulo silingasunthike, tsekani windolo ndi katani yochindikala, muike nyale kuseri kwa laputopu, pamwamba pang'ono pa mutu wanu. Babu la kudenga palokha silithandiza, chifukwa limawalitsa chipumi n'kusiya maso ali m'maenje a mdima. Ndikunena zimenezi poyamba chifukwa anthu ambiri amasintha mashati atatu anayi osaona kusintha kulikonse, pamene vuto lalikulu lili kumbuyo kwawo.

Tsopano titenge zovala zanu zitatu zija.

Shati ya timizere ija isiyeni m'kabati. Ndikudziwa kuti pagalasi imaoneka yaulemu, ndipo mukanapita ku ofesi kukakumana nawo maso ndi maso ndikanakuuzani kuti muvale yomweyo. Koma kamera imapanga chithunzi ndi timadontho toyalidwa m'mizere yoongoka. Chithunzi chimene chimalembedwa kuti `720p` chili ndi timadontho 1280 m'litali ndi 720 m'lifupi, ndipo netiweki ikafooka pulogalamu imatsitsanso nambala imeneyi. Timizere ta pa shati tikakhala tating'ono mofanana ndi mizere ya timadontho ta kamerayo, ziwirizi zimalimbana, ndipo pachifuwa panu pamabadwa mafunde amene pansalupo palibe, nthawi zina okhala ndi mitundu ngati ya utawaleza. Mukangopuma kapena kusuntha phewa, mafundewo amayenda. Munthu amene akukuyang'anani kwa mphindi 40 amatopa nawo maso, ndipo maso ake amangothawira pachifuwa m'malo mwa kumaso kwanu. Palinso china: pulogalamu imapanikiza chithunzi kuti chidutse pa netiweki, ndipo nsalu ya tizinthu tambirimbiri toyendayenda imadya gawo la mpata umene ukanapita ku nkhope. Timabokosi ting'onoting'ono, timadontho tothithikana, ngakhale tayi ya timizere topingasa, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Njira yodziwira ndi iyi: pachikani chovalacho, mubwerere m'mbuyo masitepe atatu. Ngati timizereto tasungunuka n'kuoneka ngati mtundu umodzi, ndiye kuti ndi tating'ono moti kamera ingasokonezeke nato. Mizere ikuluikulu, yonenepa ngati chala, nthawi zambiri sivuta.

Jekete lakuda lili ndi vuto lake, lomwe ndi losiyana ndi la shati yoyera. Likadzaza mbali ya m'munsi ya chithunzi, kamera imaganiza kuti kwada, n'kuwonjezera kuwala. Kwa munthu wakhungu lakuda zimenezi nthawi zambiri zimathandiza nkhope, bola zisapitirire mpaka chipumi ndi mphuno kuyamba kunyezimira. Choipa chake n'chakuti nsalu yakuda pa kamera yofooka imataya maonekedwe onse: kolala ya jekete, msoko wa paphewa, zonse zimasanduka chinthu chimodzi chakuda. Ngati mpando wanu uli ndi chotsamira chachitali chakuda, kapena khoma lakumbuyo ndi lakuda, mapewa anu amasowa, ndipo mutu umaoneka ngati uli wokha. Choncho ngati muvale jekete limeneli, pezani mpando wa chotsamira chachifupi chimene sichioneka pa kamera, ndipo kumbuyo kwanu kukhale khoma lowalirako, monga la kirimu kapena laphulusa.

Ndiye pa zomwe muli nazo m'manja, yankho langa ndi ili: shati yoyera, jekete lakuda pamwamba pake, ndi tayi ya mtundu umodzi wopanda timizere, monga maruni kapena buluu wakuda. Shati yoyera ikakhala yokha imadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi. Mukaivalira jekete, choyera chimene chatsala ndi kolala ndi kampata kakang'ono ka pachifuwa, ndipo tayi imaphimbanso pakati pa kampatako. Choyera chochepa choterechi sichikwanitsa kukoka kamera, ndipo chimathandiza kulekanitsa khosi ndi jekete. Apa ndiye muona kuti jekete pa intaviyu ya pa kamera limagwira ntchito ziwiri, ya ulemu ndi yoteteza nkhope.

Koma ngati mungapeze kapena kubwereka shati ya buluu wapakatikati, wosawala ngati thambo la masana komanso wosada ngati usiku, imeneyo ingapose yoyerayo. Mitundu yapakatikati ndi imene kamera imagwirizana nayo: buluu, phulusa lakuderako, maruni, wobiriwira wakuderako, kofi. Ili pafupi ndi pakatikati paja pamene kamera imafuna, choncho siikankha kuwala kupita uku kapena uko. Chenjerani ndi mtundu umene wayandikana kwambiri ndi khungu lanu, chifukwa chithunzi chikachita chimbuuzi malire a khosi ndi shati amasowa. Chenjeraninso ndi mitundu yolusa, monga wofiira psuu, wachikasu wowala kapena wa lalanje. Kuwala kukagunda nsalu yotere kumabwerera kukapaka mtunduwo kunsi kwa chibwano, ndipo wofiira wolusa umakonda kusefukira kunja kwa malire a chovala vidiyo ikapanikizidwa.

Nsalu nayo ili ndi mbali yake. Ya kotoni yosanyezimira ndiyo yabwino. Silika ndi poliyesita wonyezimira zimagwira kuwala kwa windo n'kupanga zigamba zowala paphewa. Ndipo ngati ndinu munthu wotuluka thukuta mukapanikizika, dziwani kuti shati ya buluu wowala ndi ya phulusa lowala ndi zimene zimaulula thukuta msanga, pamene yoyera ndi ya buluu wakuda zimabisa. Valani vesiti mkati, ndipo jekete mulivale pokhapokha nthawi yolowa ikayandikira. Pambali pa laputopu pakhale kansalu kopukutira chipumi musanalowe, chifukwa mafuta a pakhungu amanyezimira kwambiri pa kamera kuposa pagalasi.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa, ndipo kamandimvetsa chisoni ndikakaona pa munthu amene wakonzekera bwino zina zonse. Jekete linasokedwa kuti lizikhala bwino munthu ataimirira. Mukakhala pansi, makamaka mukaika zigongono patebulo, limakwera, mapewa ake amatukuka kulunjika kumakutu, ndipo kolala yake imachoka pakhosi n'kusiya mpata kumbuyo. Pa kamera, pamene mapewa ndi theka la zimene zikuoneka, munthu amaoneka ngati wabwereka jekete la mkulu wake, kapena ngati wadzikunga ndi mantha. Owerenga nkhani pa wailesi ya kanema ali ndi njira yake: mukamakhala pansi, masulani batani, kokerani m'munsi mbali yakumbuyo ya jekete, n'kuikhalira pang'ono. Likatero limagwira mapewa bwinobwino. Zigongono zichoke patebulo, manja okha ndi amene azikhalapo.

Kolala ya shati muisite mosamala kuposa mbali ina iliyonse, pamodzi ndi mapewa ndi mzere wa mabatani. Pamenepa ndi pamene diso la wofunsa limafika likachoka pankhope. Mfundo ya tayi ifike pa batani lapamwamba ndipo ikhale pakati. Mukasankha kusavala tayi, masulani batani limodzi lokha, ndipo onetsetsani kuti vesiti sikusuzumira. Pa ntchito yowerengera ndalama ine ndingavale tayi. Muyezo wake ndi womwe uja wa intaviyu ya maso ndi maso: ganizirani mmene anthu a pa ntchitoyo amavalira tsiku lililonse, inu mukwere sitepe imodzi. Kukhala kwanu kunyumba sikutsitsa muyezowo.

Kwa amayi amene akuwerenga, zonse ndanena za mitundu ndi timizere n'zofanana, koma pali nkhani ya khosi la chovala. Kamera imadula chithunzi pachifuwa. Bulauzi kapena diresi la khosi lotsika, kapena lopanda mapewa, limatha kugwera kunsi kwa malire a chithunzi, ndipo kumbali inayo kumangooneka khungu lokha ngati simunavale kanthu. Kamera ikakhala pamwamba kuposa mutu, kapena mukaweramira kutsogolo kuti mulembe, khosi limene linali laulemu pagalasi limaonetsa zambiri. Sankhani chovala cha kolala kapena cha khosi lokwera, chokhala ndi manja, ndipo poyesa muwerame dala kuti muone. Ndolo zikhale zazing'ono zosalendewera. Zibangili zivuleni, chifukwa zikagunda tebulo phokosolo limadutsa m'thabwa n'kulowa mu maikolofoni ya laputopu. Wotchi yachitsulo imachitanso zomwezo kwa abambo. Ngati mugwiritse ntchito mahedifoni a chingwe, kamaikolofoni kamene kamalendewera pachingwepo kasamakhule kolala, mkanda kapena sikafu. Inuyo simumva chilichonse, koma iwo amamva khwekhwerekhwe nthawi iliyonse mukatembenuza mutu.

Ngati mumavala magalasi, musawavule pofuna kuthawa kunyezimira, chifukwa mudzayamba kutsinzinira poyang'ana sikirini. Chepetsani kuwala kwa sikirini, popeza nthawi zambiri kabokosi kowala ka m'magalasi ndi sikiriniyo. Kenako sunthirani nyale pambali ndi m'mwamba. Zikakanika, kwezani pang'ono timiyendo ta magalasi pamwamba pa makutu kuti magalasiwo aweramire pansi pang'ono, ndipo kuwalako kudzabwerera kumunsi m'malo mopita ku kamera.

Mawu ochepa pa zithunzi zoikira kumbuyo, zija zimabisa chipinda. Pulogalamu imachita kulota pamene thupi lanu lathera ndi pamene khoma layambira. Chovala chikafanana mtundu ndi khoma kapena mpando, imalakwitsa, ndipo phewa limadyeka n'kubwereranso pamene mukulankhula. Khoma lenileni lopanda zinthu zambiri, inu mutakhala pafupifupi mita imodzi kuchoka pakhomapo, limaposa chithunzi chilichonse choikira.

Za kabudula, yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndili ndi chifukwa. Tsiku lina tikufunsa mnyamata wina amene amayankha bwino kwambiri, mmodzi wa ife anamupempha kuti ationetse satifiketi yake yeniyeni pa kamera. Inali pa shelefu kumbuyo kwake. Tinamuona akuzengereza, akuyang'ana uku ndi uku, kenako anazimitsa kamera osanena kanthu. Atabwerera, mawu ake anali atasintha, ndipo mafunso awiri otsatira anawayankha mobalalika ngakhale ankawadziwa. Palibe anaona zimene anavala kumunsi, ndipo palibe anamuchotsera malikisi pa zimenezo, koma mantha oti aonedwa anamulanda mtima kwa mphindi zofunika. Zifukwa zoimirira mwadzidzidzi zilipo zambiri: chaja yazuka, wina wagogoda, mwana walowa, laputopu yapendekeka n'kuloza pansi. Valani buluku limene mukanavala popita ku ofesi, ndi lamba wake. Buluku limathandizanso kugwira shati kuti isatukuke pamimba n'kupanga makwinya pachifuwa. Nsapato zili kwa inu, ngakhale ambiri amaona kuti akazivala amakhala mowongoka.

Tsopano mmene mungayesere. Chitani zimenezi Lachiwiri, osati Lachitatu usiku, kuti ngati pafunika kubwereka shati kapena kuchapa, nthawi ikhalepo. Ndipo muyese 10 koloko m'mawa, ola lenileni la intaviyu, pampando womwewo, chifukwa kuwala kwa pawindo kwa m'mawa ndi kwa madzulo n'kosiyana kwambiri. Ikani laputopu pamwamba pa mabuku mpaka kamera ifanane ndi maso anu. Khalani pa mtunda wa mkono umodzi, masentimita 60 kapena 70. Pachithunzi, pamwamba pa mutu pakhale kampata ka zala ziwiri kapena zitatu, ndipo m'munsi chithunzi chidule cha pa batani lachitatu la shati. Mukayandikira kwambiri, kolala ndi tayi zimatuluka m'chithunzi ndipo kuvala kwanu konse kumapita pachabe. Mukatalikira, nkhope imachepa ndipo chovala chimatenga malo ambiri, zomwe zimabweretsanso vuto la kuwala lija.

Tsegulani `zoom.us/test`, pamene mungalowe mu msonkhano woyesera muli nokha. Yambani ndi shati yoyera yokha, kenako muvalire jekete ndi tayi, kenako shati ya buluu ngati mwaipeza. Pa chovala chilichonse lankhulani kwa masekondi 30, mutembenuze mutu, mukweze dzanja, muwerame ngati mukulemba, ndipo mujambule sikirini. Mukaika zithunzi zitatuzo pamodzi, musayang'ane chovala. Yang'anani nkhope. Kodi choyera cha m'maso chikuoneka? Kodi masaya ndi chibwano zikusiyana ndi khosi? Kodi kolala yoyera ikadali ndi m'mphepete mwake, kapena yapsa n'kukhala chigamba? Chovala chimene chapatsa nkhope maonekedwe abwino ndicho chapambana, ngakhale chitakhala kuti si chimene mumachikonda kwambiri.

Ngati nkhope ikadali yakuda pambuyo pa zonsezi, mu Zoom muli malo olembedwa `Adjust for low light` pansi pa `Video` mu `Settings`. Amathandiza, koma muwagwiritse ntchito pomaliza, chifukwa amawalitsa chithunzi chonse, kolala yoyera n'kupsa, ndipo chithunzi chimachita timchenga. Kuwala kwenikweni kochokera kutsogolo n'kumene kumakonza bwino. Musadabwenso kuona kuti chithunzi chanu chatembenuka ngati pagalasi. Zimenezo mumaona ndinu nokha chifukwa cha `Mirror my video`, koma iwo amakuonani mmene mulili. Choncho musavutike kusamutsa chilichonse kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Chomaliza pa kuyesaku, ndipo musachidumphe: chithunzi chimene mumadziona nacho pa laputopu yanu sichinadutse pa netiweki, choncho chimaoneka bwino kuposa chimene ofunsa adzalandire. Imbirani mnzanu pa Zoom yomweyo, mutavala zonse, mumupemphe ajambule sikirini yake akutumizireni. Mumufunsenso ngati akumva kukhula kapena kugogoda kulikonse pamene mukusuntha. Mafunde a pa tayi, phewa lodyeka ndi phokoso la wotchi nthawi zambiri zimaonekera kumbali yakeyo.

Mukapeza chimene chagwira, chisiteni Lachitatu madzulo, muchipachike pa hang'ala pamodzi ndi buluku ndi lamba, ndipo muike kachizindikiro pansi pamene pali miyendo ya mpando ndi patebulo pamene pali laputopu, kuti Lachinayi zonse zidzabwerere pamalo omwewo. Shati yachiwiri yosita ikhale pafupi, kuopera kuti china chingadonthere pa yoyambayo. Lowani kutatsala mphindi 10, muyang'ane kolala, mfundo ya tayi ndi mapewa komaliza, mukhalire jekete lija, mupukute chipumi. Intaviyu ikangoyamba, bisani chithunzi chanu posankha `Hide Self View`, kuti maso anu asamathawire kukadziyang'ana pamene akukufunsani funso.